Nsomba Zonyezimira za Bana Ngosa

Mu msika wa ku Chawama munalibe munthu wosawadziwa Bana Ngosa, kutanthauza amake Ngosa, ngakhale kuti dzina lawo lenileni, Kafula, ankalidziwa ndi ochepa. Anali mayi wamfupi, wa mapewa otakata, wosaseka wamba. Anzawo ogulitsa ankati mayiyu amayamba wakununkhiza kenako ndiye n'kukupatsa moni, ndipo sikunali kunama kwenikweni. Chilichonse chimene wapatsidwa, kaya ndi nsomba, kaya ndi nkhani, ankachitembenuza kaye kuti aone kumimba kwake.

Anabadwira kumpoto, kufupi ndi Mpulungu, kumene mwana amaphunzira kutembenuza tinsomba ta kapenta padzuwa asanaphunzire kuwerenga. Ku Lusaka anabwera dziko litangolandira ufulu, kutsatira amuna awo ba Musonda omwe ankamanga nyumba za anthu. Chifuwa chitawatenga ba Musonda, mayiyu anatsala ndi mwana mmodzi, Ngosa, ndi beseni limodzi la kapenta limene mlongo wawo anawatumizira. Anakhala pansi pa chipata cha msika zaka zambiri, fumbi likuwathira, achinyamata a chipani akuwafunsa khadi m'mawa uliwonse, mpaka anapatsidwa tebulo mkati, pamzere wa nsomba. Tebulolo ndilo linalera Ngosa, ndilo linagula malata a nyumba. Pa moyo wawo wonse analibe china chimene akanachitcha chawo.

Pa tebulopo pankakhala katundu wa mitundu iwiri. Kumanzere kapenta wouma padzuwa, kumanja nsomba zikuluzikulu zowamba pamoto zochokera ku madambo a Kafue. Bana Ngosa anali ndi mawu awo amodzi: "Kapenta ni mwana wa dzuwa, yowamba ni mwana wa moto. Aliyense azibwerera kwa amake." Koma ukawafunsa tanthauzo lake, ankangokuyang'ana ngati wabwera kudzaba. Kuseri kwa nyumba yawo anamanga mpanda wa bango wautali, ndipo mkatimo munali dilamu loboola ndi waya pamwamba. Masiku angapo akadutsa, makamaka nthawi ya mvula, utsi unkakwera kuseri kwa mpandawo. Ankabwezera nsomba zowamba pamoto wochepa kuti chinyezi chichoke, ndipo dzuwa likatuluka ankayala kapenta pa mphasa. Zinali zokhazo basi. Koma popeza sankalola munthu kusuzumira, a m'komboni anadzaza okha zimene sankaziona. Ena ankati amafukiza mankhwala oitanira ogula. Ena ankati amathira mankhwala ophera mphemvu, n'chifukwa chake nsomba zawo sizifumbwa.

Ngakhale mpongozi wawo Petronella sanaloledwe kulowa mumpandamo. Petronella anali mtsikana wa ku Katete amene Ngosa anakwatira, wofatsa, wolankhula akuyang'ana pansi, ndipo anali ndi khanda kumsana dzina lake Obed. Ngosa ankayenda ndi malole opita ku migodi, moti akazi awiriwa ankatsala okha masabata ambiri. Bana Ngosa sankamuda mtsikanayo ayi. Koma ankati munthu wosalankhula sudziwa chimene wanyamula, ndipo ankaona kuti kawirikawiri amacheza pampopi ndi ba Felistus, mayi wogulitsa nsomba pa tebulo loyandikana ndi lawo, amene kwa zaka ankafuna kudziwa chinsinsi cha utsi uja.

Mu Febuluwale wa chaka china cha m'ma 1980, mvula ikugwa ngati ilibe kwawo, uthenga unafika wakuti mlongo wawo uja wamwalira ku Mufulira, ku migodi. Anali atangopikula dengu lalikulu la nsomba zowamba. Anaimirira pakhomo chikwama chili m'manja, akulimbana ndi mtima. Kumuuza mtsikanayo za dilamu kunali ngati kuuza ba Felistus. Anadziuza kuti sachedwa.

"Amake Obed, nsomba izi zisanyowe, makoswe asazigwire. Ku tebulo uzipita m'mawa. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Anakhoma chitseko cha mpanda, kiyi n'kumangirira pa nsonga ya chitenge. Koma maliro a ku migodi sathamanga, ndiponso mabasi obwerera ankasowa. Sabata inatha, ina n'kuyamba.

Atatsika basi sanapite kunyumba, anayamba ku msika. Ali chapatali anaona mpata pamzere wa nsomba ngati dzino lochoka. Tebulo lawo linali chagada, miyendo m'mwamba, yomangidwa ndi chingwe. Azimayi a pamzerewo anayang'ana kumbali. Ba Felistus okha ndi amene anadzuka, akupukuta manja.

"Mwabwerako, Bana Ngosa? Pepani na maliro. Koma kuno nako kunatsala pang'ono."

"Ndani wagwira tebulo langa?"

"Ni ba Dyton, ba tcheyamani. Bana ba Angelina, bonse batatu, kusanza na kutsegula m'mimba, kamodzi kaja kang'ono mpaka kukagona ku kiliniki. Ati ni nsomba yanu. Ati mumathira vija vophera mphemvu. Mawa kuli msonkhano, ndipo bakapeza kuti ni zoona, tebulo bapatsa wina."

"Wina ndani? Inu?"

"Aa, ine nangokuuzani chabe. Musanilume."

Bana Ngosa anayang'ana tebulo la ba Felistus. Linali litasendezedwa pang'ono, mwendo umodzi utalowa kale pamalo a tebulo lawo. Mumtima anati: ndakupeza. Mayiyu wapatsa mpongozi wanga nsomba zake zowola kuti azigulitse pa dzina langa. Kapena apangana awiriwa.

Anapita kwa Angelina asanamwe ngakhale madzi. Angelina anali wogula wawo wakalekale, mkazi wa mlonda, ndipo anamupeza akuchapa zofunda za ana pa bafa. Sanawapatse mpando.

"Mayo, ana ali bwanji?"

"Bali moyo. Mwina simunathire vokwanira."

Bana Ngosa anameza mawuwo. "Nsombayo inkaoneka bwanji pogula?"

"Yabwino kupambana masiku onse. Inali kung'anima monga nsapato ya ku tchalitchi."

"Kung'anima? Nanga unaiphika bwanji?"

"Manje mufuna kunena kuti sinidziwa kuphika?" Angelina anaimirira, thovu likudontha m'zigongono. Kenako anafotokoza mokalipa. Makala anali onyowa ndiponso ochepa, ndiye sanathe kuiwiritsa nthawi yaitali monga mwa masiku onse. Anangoitsuka, kuiduladula, kuikazinga msanga ngati kapenta, kuthira tomato, n'kuphula. Yotsala inagona mumphika, m'mawa anangoifunditsa pang'ono n'kupatsa ana.

Pobwerera Bana Ngosa anayenda akudumpha zithaphwi, mutu uli pa ntchito. Kapenta ndi wochepa thupi, dzuwa limamulowa mpaka pafupa, ndiye ukamutsuka m'madzi ofunda kuchotsa mchenga, moto wa mafuta umamupyoza msanga. Nsomba yowamba ndi yonenepa. Imafuna kuviikidwa m'madzi otentha, kutsukidwa m'mimba ndi m'makha, kenako kuwira mpaka mnofu wa pafupa utapsa. Ndipo ndiwo zogona, zilizonse, zimafuna kubwatanso, osati kungofunda. Angelina analakwitsa pamenepo. Mtima wawo unapepuka pang'ono, poti anapeza munthu womukankhira mlandu. Koma liwu limodzi linakana kuchoka. Kung'anima. Nsomba zawo sizinkang'anima. Zinkakhala zofiirira, zouma khungu, zooneka ngati khungwa la mtengo.

Kunyumba Petronella anawalandira chikwama atagwada, maso ali pansi. Anali atawonda masiku ochepawo. Bana Ngosa analowera kuseri kwa nyumba. Anayamba ayang'ana loko wa pampanda: anali monga anamusiyira. Analowa m'nyumba. Dengu linali pamalo ake pa njerwa, nsomba zotsala zitayalidwa bwinobwino. Anatola imodzi. Inkawala ndithu, ndipo chala chinatsetsereka pakhungu. Anainunkhiza: utsi, kenako mafuta ophikira, kenako pansi pa zonsezo kafungo kowawasa. Anadina pamsana, chala chinalowa n'kusiya dzenje. Anayang'ana mkati mwa makha ndipo anaona timizere tobiriwira ta nkhungu, ngati kuti wina anapukuta ndi nsalu koma sanafike pamenepo.

Anatembenuza nsombayo kuti aone mmene inang'ambidwira. Anali mang'ambidwe a msodzi wawo yemwe uja wa ku Kafue, wodula mokhotera kumchira. Nsombazo zinali zawo. Ba Felistus sanasinthe kanthu, ndipo Bana Ngosa anamva kukhumudwa kumene iwo eni anachita nako manyazi.

Pa shelefu panali botolo la mafuta ophikira limene anaimira pamzere theka la tsiku kuti alipeze. Analisiya lodzaza. Tsopano linali litatsika mpaka m'chiuno.

Anatuluka panja. Pa chingwe choyanikira zovala panali matumba atatu a pulasitiki, aja a feteleza, otembenuzidwa kunja mkati. Anali ochapidwa, koma ntchentche zobiriwira zinali zitaunjikana m'makona mwake.

"Amake Obed, bwera kuno. Matumba awa unasungiramo chiyani?"

Mtsikanayo anabwera n'kugwada. "Munati zisanyowe, amayi. Denga linayamba kudontha pakona paja, ndipo khoswe anadya mchira wa imodzi. Ndiye ndinatsuka matumba bwinobwino, ndinawaumitsa, n'kuikamo nsomba, n'kumanga kukamwa zolimba. Kwathu amayi amasunga kapenta choncho, amatha mwezi osaonongeka."

"Kapenta."

"Eya. Wanunso ndinamuika m'thumba lake, ali bwino, kaoneni."

Anakaona. Kapenta anali bwino ndithu. Anamufinya m'dzanja, ankathetheka, ndipo pomugwetsa ankalira ngati masamba ouma. Wa pansi penipeni yekha ndiye anali atayamba kufewa. Anali wouma asanalowe m'thumba, ndiye analibe madzi oti atulutse. Koma nsomba yowamba, makamaka yowambidwa nthawi ya mvula ndi nkhuni zonyowa, imauma kunja kokha. Mkati imasunga madzi ake. Ukaitsekera m'pulasitiki imachita thukuta, thukutalo lilibe kopita, ndipo imayamba kuwola ili chigonere. Ngati ntchentche inaikira mazira nsombayo ili panjira, m'thumba lofundamo ndimo amaswera bwino.

"Nanga mafuta?"

"Nditamasula thumba ndinapeza zachita zoyera ndi zobiriwira pamwamba. Ndinaopa kuti mudzati ndaononga katundu. Ndinapukuta ndi kansalu ka mafuta, zinaoneka zabwino."

"Anakuuza zopukuta ndi mafuta ndani? Felistus?"

"Iyayi, amayi. Ndinaona anthu ena amachita pamsika. Ba Felistus anandifunsa kuti bwanji nsomba zikuwala, ine ndinangokhala chete. Ndimadziwa kuti simufuna kuti ndiziwauza za m'nyumba muno."

Bana Ngosa anamuyang'anitsitsa kufuna kupeza bodza pankhope pake. Anafufuza ngati mmene amafufuzira m'mimba mwa nsomba, koma sanapeze kanthu. Dzanja lawo linakhudza kiyi uja pa nsonga ya chitenge.

M'mawa mwake msonkhano unachitikira pansi pa shedi ya msika, mvula ikuwaza pa malata. Ba Dyton, tcheyamani wa nthambi ya chipani yemwenso ankagawa matebulo, anakhala pa mpando atavala jekete la bulauni. Anthu anadzaza mpaka kunja. Angelina anakhala kutsogolo ndi kamwana kake kotsiriza, maso atalowa mkati. Petronella anaima kumbuyo, Obed ali kumsana. Bana Ngosa anafika atasenza dengu lonse, n'kulitula pakati.

"Bamayo," anayamba ba Dyton, "anthu akuti mumathira poizoni ku nsomba kuti tizilombo tisadye. Akuti n'chifukwa chake munamanga mpanda. Ngati ni choncho, tebulo lapita, ndipo nkhani ipita ku polisi. Muyankhe."

"Ba tcheyamani, nipempha mpeni."

"Aa, mpeni wa chiyani futi?" Anthu anaseka, ena anasendera kumbuyo.

Munthu wina anapereka mpeni. Bana Ngosa anasankha nsomba yaikulu, yowala kuposa zonse. Kwa zaka zonsezi palibe amene anaonapo nsomba yoipa pa tebulo lawo, ndipo ankadziwa kuti chimene akufuna kuchita anthu adzachikamba mpaka kumanda kwawo. Anaing'amba pamsana n'kuitambasula pamaso pa ba Dyton. Mnofu wa pafupa unali wonyowa, wotuwa, ndipo m'menemo mphutsi zoyera zinkapindika. Fungo linakwera. Ba Dyton anatseka mphuno ndi jekete.

"Onani bwino, ba tcheyamani. Zamoyo kapena zakufa?"

"Zamoyo, mayo, chotsani!"

"Nsomba yothira mankhwala a mphemvu, mphutsi zinganenepe chonchi? Ntchentche izi zikutera apa, yagwa ngakhale imodzi? Mulibe poizoni umu. Nsomba yanga inawola. Inatsekeredwa m'thumba la pulasitiki, sinabwerere pamoto, ndipo nkhungu inapukutidwa ndi mafuta. Kuseri kwa mpanda kuli dilamu ndi nkhuni basi. Tumani anthu akaone, kiyi uyu."

Anamasula kiyi n'kumuika pa bondo la ba Dyton. M'shedimo munayamba phokoso. Mayi wina anati bola poizoni, mphutsi n'zonyansa. Wina anati mphutsizo wachita kuikamo usiku kuti apulumuke. Ba Felistus anakweza mawu: "Ba tcheyamani, ine ninaona kuti vinali kung'anima. Funsani amene anali pa tebulo masiku aja. Bana Ngosa banali ku maliro."

Mitu yonse inatembenukira kwa Petronella. Mtsikanayo anagwira mwendo wa mwana wake ngati wina akufuna kumulanda.

"Ni zoona?" anafunsa ba Dyton. "Ni mpongozi wanu anachita ivi?"

Bana Ngosa anaona njira ili poyera. Akanangoti inde, n'kuwonjezera kuti Angelina naye anakazinga nsomba yowamba ngati kapenta, tebulo likanabwerera lonse tsiku lomwelo. Koma mtsikanayo sakanathanso kutunga madzi pampopi wa m'komboni muno.

"Mwana uja anachita zimene ninamuuza," anatero. "Ninati zisanyowe, sizinanyowe. Ninati makoswe asadye, sanadye. Chimene sininamuuze n'chakuti yowamba imafuna mpweya ndi moto. Dilamu ninakhoma, kiyi n'kupita naye ku Mufulira. Mlandu ni wanga."

Kenako anatembenukira kwa Angelina. "Mayo, pepa. Nsomba iyi ngakhale ukanaiwiritsa tsiku lonse sikanachira, yowola ni yotaya. Koma yabwino ukadzagula, kaya kwa ndani, uiwiritse ndithu, ndipo yogona ibwatenso usanapatse ana."

"Musaniphunzitse pa anthu," anayankha Angelina, koma mawu ake sanali aukali ngati dzulo.

Ba Dyton anatuma azimayi awiri a chipani kukaona kuseri kwa mpanda. Anabwera manja ali akuda ndi mwaye, n'kunena kuti apeza dilamu, waya, nkhuni ndi mphasa. Mmodzi anawonjezera kuti mwina botolo la mankhwala analibisa kale, koma ba Dyton anali atatopa ndi fungo. Anagamula kuti dengu lonse likakwiriridwe kudzala anthu akuona. Tebulo libwerere, koma mpaka mvula itatha pakhale kapenta yekha. Nsomba zowamba adzayambenso iwo akadzalola.

Anakwirira nsombazo masana omwewo, Bana Ngosa atagwira khasu okha. Pobwera anaimika tebulo lawo, n'kukankha mwendo wa tebulo la ba Felistus kubwerera pamalo pake.

Miyezi yotsatira inali yowonda. Kapenta yekha sakoka anthu, ndipo amene ankabwera ankamutola, kumununkhiza, kumuthyola pakati, ena n'kumubwezera. Bana Ngosa ankangoyang'ana, poti ndi mmene iwonso ankachitira ndi anthu moyo wawo wonse. Angelina ankadutsa pamzerewo nkhope itayang'ana kwina.

Kumayambiriro kwa Meyi, mphepo yozizira itayamba, ba Dyton analola. Dengu loyamba litafika kuchokera ku Kafue, Bana Ngosa anatsegula chitseko cha mpanda n'kuitana. Petronella anaima pakhomopo osalowa.

"Lowa, sudzapsa. Dina apa. Ikalimba chonchi ili bwino, ikafewa ibwerere pamoto. Gogoda pa waya, ukaona ufa ukugwa ndiye kuti tizilombo talowa. Moto ukhale wochepa, tikuumitsa, sitikuotcha. Zikazizira, m'dengu, pamwamba, pomwe mphepo ikudutsa. Kapenta m'saka la gunia, pa njerwa, ndipo dzuwa likatuluka umuyale."

Mtsikanayo anadina, ananunkhiza, anatembenuza. Utsi unayamba kukwera. Kenako bango la mpanda linagwedera, ndipo pampata panaoneka diso ndi nsonga ya duku lofiira.

"Amayi," ananong'ona Petronella, "ni ba Felistus."

"Ndawaona kale. Asiye aone dilamu." Bana Ngosa anasendera pang'ono, n'kuima pakati pa diso lija ndi mulu wa nkhuni. "Koma mtengo wa nkhuni zimene timawambira, ukadzawauza, ndidzadziwa kuti ndiwe."